Pamene chovala chimadulira thupi: malangizo kwa aafupi, aatali ndi a thupi lalikulu

Anthu ambiri akamapita kwa telala kumsika wa Kapata ku Chipata amatenga chitenge ndi chithunzi cha pafoni, n'kunena kuti awasokere chimodzimodzi. Chovala chikatuluka osawakhala, mlandu umagwera telala, mwinanso mwini wake n'kuyamba kudandaula ndi thupi lake. Kawirikawiri cholakwika chimakhala malo amene chovalacho chadulira thupi. Bulauzi pothera pake, lamba, msoko wa m'chiuno ndi mpendero wa siketi, zonsezi ndi mizere yopingasa, ndipo diso la wokuonani limaima pa mzere uliwonse n'kuyerekeza chakumtunda ndi chakumunsi. Utali wa bulauzi umene unakhala bwino pa munthu wa masentimita 175 ukakopedwa momwemo pa munthu wa masentimita 155, mzerewo umagwera pena.

Yambani ndi tepi. Imani mowongoka mutavala nsapato zimene mudzavalire chovalacho, ndipo wina akuyezeni kuchokera paphewa, pafupi ndi khosi, kufika pansi. Chimene mwapeza chigaweni patatu. Chovala chimakhala bwino mzere waukulu ukagwera pamene gawo loyamba lathera, kuti gawo limodzi likhale kumtunda, awiri kumunsi. Miyendo ndi nsapato zili m'gawo la kumunsi ngakhale siketi itathera m'maondo. Choyenera kupewa ndi mzere wogwera pakati penipeni, chifukwa umaonetsa thunthu lalitali pa miyendo yaifupi. Kuti mupeze chiuno chenicheni, mangani kachingwe pamimba n'kupendekera kumbali. Pamene thupi lapindikira ndiye pomwepo, ndipo kwa ambiri pamakhala pamwamba pang'ono pa mchombo, osati pamene anazolowera kumangira chitenge.

Tiyerekeze ndi mayi wamtali masentimita 155, amene pachifuwa ali 108, m'chiuno 96, ndipo pamatako 118. Akufuna bulauzi ya pepulamu, kansalu kotambalala kolumikizidwa pamsoko wa m'chiuno, ndi siketi yaitali yopita nayo kuchinkhoswe. Kuchokera paphewa kufika pansi apeza pafupifupi 127, ndiye gawo loyamba likuthera pa 42. Matelala ambiri akasiyidwa okha amaika msoko wa m'chiuno pamenepo ndithu, kenako n'kulumikiza pepulamu ya masentimita 22 kapena kuposa, poganiza kuti akuwabisira mimba ndi matako. Bulauzi yonse imafika pa 64, pamene ndi pafupifupi theka la 127. Choipa chachiwiri n'chakuti mpendero wa pepulamuyo wathera pamene matako atambalala kwambiri, ndipo chitenge ndi nsalu youma, siigwa yokha, imaima motambasuka. Mayiyo amaoneka wamfupi ndi wotambalala kuposa mmene alili, pomwe cholinga chinali kubisa.

Kukonza kwake n'kosavuta. Pepulamu ikhale masentimita 12 mpaka 14, ithere pafupa la m'mbali mwa chiuno matako asanayambe kutambalala. Idulidwe mozungulira kuti ichite kugwa, isakhale yokwinyidwa pamsoko, chifukwa makwinya amaunjika nsalu pamimba pomwe. Bulauzi ndi siketi zikhale za chitenge chimodzi kuti mpendero wa pepulamu usaonekere patali, diso liime pamsoko wa m'chiuno. Mayiyo akafuna lamba, likhale lopyapyala, losapitirira masentimita 3, la mtundu umene uli kale m'nsalu. Lamba lalikulu la mtundu wina limadya mpata wochepa umene munthu wamfupi ali nawo pakati pa mawere ndi chiuno.

Tsopano za kukula kwa chovala, pamene a thupi lalikulu amavutika koposa. Chitenge ndi thonje losatamuka, choncho telala ayenera kuwonjezera mpata pamwamba pa miyezo ya thupi. Pachifuwa awonjezere masentimita 6 mpaka 8, m'chiuno 2 kapena 3, pamatako 6 mpaka 8. Kwa mayi wathuyu bulauzi ikhale 115 pachifuwa, siketi 126 pamatako. Ayezedwenso atakhala pampando, popeza thupi limatambalala munthu akakhala, ndipo kuchinkhoswe kuli kugwada ndi kukhala pamphasa. Chovala chothina chimadziwika ndi makwinya opingasa pamatako kapena pansi pa mawere, ndi zipi yopindikapindika kumsana. Chachikulu kwambiri chimadziwika ndi makwinya otsika ndiponso msoko wa phewa wogwera pamkono. Zonse ziwiri zimakulitsa munthu, koma ambiri amaopa chothina chokha n'kuthawira ku chovala chonga thumba, chimene chimatenga muyezo wa pamene thupi latambalala kwambiri n'kuupereka ku thupi lonse.

Siketi ya matako 126 imakhala bwino ikadulidwa mapanelo asanu ndi limodzi. Panelo iliyonse ndi masentimita 21 pamatako, kuphatikiza 1.5 mbali iliyonse ya msoko, ndiye telala amadula 24. Misoko yotsikayo imatsogolera diso m'litali, komanso kuchepetsa kwa m'chiuno kumagawidwa pa misoko isanu ndi umodzi m'malo mwa madati awiri aakulu, timisoko tosongoka tochepetsera nsalu, amene amatukumuka kumbuyo. Siketiyo itsike mowongoka mpaka m'maondo n'kutambalala pang'ono kumunsi, ithere pakakolo. Ngati akufuna yaifupi, ithere pansi pang'ono pa bondo pamene mwendo wachepa. Pakati pa katumba ndi poipa, chifukwa mzere umagwera pamene mwendo wanenepa.

Pali muyezo wina umene umaiwalika kawirikawiri. Munthu wa mawere aakulu ali ndi mtunda wautali kutsogolo, kuchokera paphewa kudutsa pabere kufika m'chiuno, kusiyana ndi kumsana. Kusiyanako kumatha kufika masentimita 4 kapena 5. Telala akadula kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, msoko wa m'chiuno umakwera kutsogolo ndipo pepulamu imadzuka pamimba. Muwauze kuti, "A telala, muyeze kutsogolo pakokha ndi kumbuyo pakokha," ndipo muvale bra imene mudzavalire tsikulo, chifukwa dati liyenera kuloza pansonga ya bere n'kuthera masentimita 3 kapena 4 lisanafikepo. Khosi likhale lotsika mosongoka kapena lozungulira motseguka, kuti khosi ndi nkhope zipeze mpata. Mkono wa bulauzi usathere molingana ndi mawere, uthere pamwamba pang'ono pa chigongono kapena upitirire.

Chitenge muchichape musanapite nacho kwa telala. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo mpata mwawerengera uja ukhoza kuchepa chovala chitasokedwa kale. Mamita anayi amamukwana mayi wa 155 uja, koma ngati maluwa a chitengecho ndi aakulu ofunika kukumanitsa pamisoko, tengani chonse cha mayadi 6.

Za maluwa anthu amanena zambiri, monga zoti wonenepa asavale maluwa aakulu. Ife tikuona kuti pamene duwa lagwera mpofunika kuposa kukula kwake. Duwa lozungulira likakhala pabere lililonse, pakati pa mimba kapena pakati pa matako, ndiye kuti telala anadula osayang'ana. Ayale nsalu pathupi panu kaye asanaike sizasi. Munthu wamfupi yekha ndi amene ayenera kusamala kukula kwa duwa, chifukwa likaposa chikhatho chake chotambasula limaoneka kangapo kokha pa siketi yonse, mwinanso lodukaduka pamisoko. Nazonso zoti mizere yopingasa imanenepetsa si zoona nthawi zonse. Katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, analemba mu 1867 kuti chinthu cha mbali zinayi zofanana chikalembedwa timizere topingasa chimaoneka chachitali, osati chotambalala. Timizere ting'onoting'ono toyandikana musatiope. Chimene chimadula munthu ndi mzere umodzi waukulu wa mtundu wosiyana.

Wamtali vuto lake loyamba ndi nsalu yeniyeniyo. Chitenge m'lifupi chimakhala pafupifupi masentimita 115, ndipo matelala amakonda kudula siketi mopingasa kuti m'lifupimo mukhale utali wa siketi. Kwa mayi wa 155 uja zimakwana n'kutsalako. Mayi wa masentimita 180 amakhala ndi pafupifupi 112 kuchokera m'chiuno kufika pansi, ndiye mukachotsa msoko, mpendero ndi m'mphepete molembedwa dzina la nsalu, siketi siifika pansi, imalendewera ngati yobwereka. Njira zake ndi ziwiri: kudula motsata utali wa nsalu, ngati maluwa ake sagona cham'mbali mukatero, kapena kulumikiza chigamba cha masentimita 20 mpaka 25 kumunsi, cha nsalu yopanda maluwa. Chigamba chaching'ono cha masentimita 5 chimaoneka kuti nsalu inaperewera, pamene chachikulu chimaoneka kuti ndi mmene anafunira.

Zimene taletsa wamfupi, wamtali zimamukhala. Akhoza kutembenuza magawo aja, bulauzi kapena jekete yaitali n'kutenga magawo awiri kufika cha m'maondo, gawo limodzi n'kutsala kumunsi. Lamba lalikulu, mitundu iwiri yosiyana ndi maluwa aakulu zimamuyenera. Asamale diresi ya pasalaula yokhala ndi msoko wa m'chiuno, popeza msokowo umamukwera m'nthiti ndipo sutsitsika. Bwino asankhe yopanda msokowo, chiuno adziikire yekha ndi lamba.

Kwa abambo mzere waukulu ndi lamba wa thalauzi. Bambo wa mimba akamangira pansi pa mimba, shati imatenga theka la thupi, miyendo n'kufupika, thalauzi n'kulendewera pakati pa ntchafu. Asoketse thalauzi yakuya yofika cha pamchombo, ndipo ngati ikutsetsereka agwiritse ntchito malamba a m'mapewa. Kumunsi ikhudze nsapato n'kupindika kamodzi kokha. Tayi ithere pa lamba. Jekete iphimbe matako n'kuthera pomwepo, manja a shati aonekere pafupifupi sentimita imodzi. Posankha jekete pasalaula yambani ndi mapewa, chifukwa m'mimba ndi manja telala amachepetsa mosavuta koma mapewa amafuna kuphwasula jekete yonse. Wamfupi asadalirenso zodula jekete yaitali: kupitirira masentimita 2 kapena 3, matumba amatsala pafupi kwambiri ndi mpendero ndipo aliyense amaona kuti inadulidwa. Wamtali atembenuze mwendo wa thalauzi ndi dzanja la jekete asanalipire, aone nsalu imene inapindidwira mkati. Ngati muli masentimita 4, telala akhoza kutsitsa 2 kapena 3, koma ayang'anenso ngati mzere wakale wopindira sunayere, chifukwa ukayera sufufutika ndi simbi.