Mphaka wanu akununkha mkamwa? Umu ndi momwe mungamuonere nkhama ndi kumutsuka mano

Makomo ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amaweta mphaka kuti azipirikitsa makoswe ku matumba a chimanga ndi mapira. Akayamba kutulutsa fungo mkamwa, timangoti wadya khoswe kapena mutu wa mlamba. Koma fungo la chakudya silichedwa kutha. Likakhala sabata yathunthu, nthawi zambiri vuto lili pa mano ndi nkhama, ndipo mphaka amabisa ululu kwambiri moti amadyabe ngakhale dzino likuwawa.

Mphaka wamkulu ali ndi mano 30, omwe amakhala atamera onse akamakwanitsa miyezi 6. Akadya, pa mano pamamatirira utoto woterera wodzaza tizilombo. Utotowu umachoka ndi kupukuta chabe, koma ukasiyidwa masiku ochepa umauma n'kusanduka chikhakha chachikasu kapena chakhofi. Nkhama yogundana nacho imafiira ndi kutupa. Pamenepa mpamene zinthu zingabwererenso mwakale. Zikapitirira, matenda amalowa pansi pa nkhama n'kudya fupa logwira dzino, ndipo fupalo silimeranso.

Musanagwire pakamwa, ganizirani za chiwewe

Mphaka amene wayamba mwadzidzidzi kuchucha dovu, kulephera kumeza, kulusa kapena kuyenda modzandira musamupise chala mkamwa, makamaka ngati sanabayitse katemera kapena analumidwa ndi galu. Mutsekereni m'chipinda, ana asayandikire, ndipo muitane alangizi a ziweto. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda a mano amabwera pang'onopang'ono, pa miyezi, ndipo khalidwe la mphaka silisintha usiku umodzi.

Kuona mkamwa

Sankhani nthawi ya m'mawa kapena madzulo kukazizira, poti mphaka amene wathedwa ndi dzuwa la ku Ngabu safuna kugwidwagwidwa. Mukhazikeni pamiyendo atakufulatirani. Musamukanule kukamwa ayi. Gwirani mutu mofatsa ndi dzanja limodzi, ndipo ndi chala chachikulu kwezani mlomo wam'mwamba cha kumbali, muone dzino lalitali losongoka ndi akuchibwano ali kumbuyo kwake. Amenewa ndiwo amayamba kugwira chikhakha.

Nkhama yabwino imakhala yofiirira pang'ono mofanana paliponse. Mukaona kamzere kofiira kwambiri m'mphepete mwenimweni momwe dzino lakumana ndi nkhama, mano ali olimba ndipo mphaka sakudzidzimuka mukakhudza, ameneyo mukhoza kumuthandiza pakhomo.

Koma pali zina zimene mswachi sungathe, ndipo kutsuka kumangoonjezera ululu: chikhakha chochindikala, dzino logwedera kapena lothyoka, mafinya, kutupa pansi pa diso, kapena kufiira kofika mpaka kukhosi. Palinso nthenda yofala kwa amphaka imene dzino limadyeka lokha kuyambira m'munsi, pamaoneka kabowo kapena kanyama kofiira kokwera pa dzino, ndipo mukalikhudza dzinolo, chibwano chimanjenjemera. Dzino lotere limafunika kuzulidwa. Fungo langati la mkodzo kwa mphaka wokalamba amene akumwa madzi kwambiri ndi kuwonda limaloza ku impso, osati mano.

Zonsezi n'za dokotala wa ziweto, amene amagoneka mphaka ndi mankhwala kuti apale mano mpaka pansi pa nkhama. Yambani mwafunsa alangizi a ziweto a m'dera lanu, koma dziwani kuti ntchito yotere ingafune ulendo wokwera Thabwa kupita ku Blantyre. Musayese kupala nokha ndi mpeni kapena lezala, mudzangocheka nkhama, pomwe matenda enieni ali pansi posaoneka. Ndipo musamupatse Panado ngakhale kachidutswa, chifukwa amapha mphaka. Akakhala masiku awiri osadya, musadikirenso.

Kumuzoloweretsa

Tiyerekeze mphaka wamkazi wa zaka zitatu wa pa golosale ku Nchalo, wodya nsima yosakaniza ndi usipa. Akununkha pang'ono, kamzere kofiira kali pa mano akumbuyo am'mwamba mbali zonse ziwiri, koma akudya bwino ndipo katemera wa chiwewe anabayitsa. Nsima ndi chakudya chofewa chomata, sichipukuta mano, choncho zotere sizodabwitsa.

Sabata yoyamba mwini wake asatenge chida chilichonse. Tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi azimusisita m'masaya, kukweza mlomo kamphindi, kusiya, n'kumupatsa kausipa kamodzi pomwepo. Chimene akufuna n'chakuti mphaka adziwe kuti kugwidwa pakamwa kumatsatana ndi chokoma. Ndikuona kuti anthu ambiri amalephera chifukwa chodumpha sabata imeneyi. Mphaka amene wapanikizidwa kamodzi mokakamiza amathawa akangoona dzanja likubwera.

Sabata yachiwiri awiritse usipa pang'ono m'madzi opanda mchere, opanda anyezi kapena adyo, popeza ziwirizi zimaononga magazi a mphaka. Madziwo akazizira aviikemo kathonje kapamtengo kotokosera m'makutu, amulole mphaka anyambite, kenako apukute dzino lalitali limodzi ndi kusiya. Mawa lake apukute mano awiri. Msuziwo aziphika watsopano tsiku lililonse, poti ndi kutentha kwa kuno suchedwa kusasa.

Sabata yachitatu afike ku mano akuchibwano. Apa angakulunge kansalu koyera kapena bandeji pa chala, koma ngati mphakayo amakonda kuluma ndi bwino kupitiriza ndi kathonje kaja kuti chala chikhale kutali.

Sabata yachinayi mpamene mswachi ulowe, waung'ono ndi wofewa kwambiri, wa ana akhanda, ndipo ukhale wa mphaka yekhayo. Aupendeketse kuti nsonga zake ziloze m'mphepete mwa nkhama, n'kumazunguliza pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, kukamwa kuli kotseka. Atsuke kunja kwa mano kokha, mbali yoyang'ana tsaya, chifukwa ndiko kumaunjikana utoto wambiri. Theka la mphindi mbali iliyonse lakwana. Mchira ukayamba kumenya pansi, makutu n'kugona chambuyo, asiye ndipo mawa abwerere pa sitepe imene mphaka ankalola.

Kolugeti wathu asayerekeze n'komwe. Mphaka salavula, amameza, ndipo mankhwala olimbitsa mano omwe alimo amamudwalitsa. Chimodzimodzi mchere, soda, phulusa, makala ndi Dettol. Mankhwala otsukira mano a amphaka amapezeka kwa madokotala a ziweto m'tauni, koma akasowa, madzi oyera kapena msuzi wa usipa uja ndi wokwanira, chifukwa chimene chimachotsa utoto ndi kupukuta kwa mswachi.

Kutsuka kuzichitika tsiku lililonse. Zikavuta, kudumphitsa tsiku limodzi kumathandizabe, koma kamodzi pa sabata utoto umakhala utauma kale. Masiku oyamba mswachi ungatuluke ndi timagazi pang'ono chifukwa nkhama ndi yotupa. Pakatha milungu iwiri kapena itatu akutsuka mosadukiza, magaziwo ayenera kusiya, kamzere kofiira kuzimiririka ndi fungo kuchepa. Zikapanda kusintha, kapena mphaka akayamba kutafunira mbali imodzi ndi kugwetsa chakudya, ndiye kuti pali dzino lodwala kapena matenda ena m'thupi, monga tizilombo tofooketsa chitetezo timene amphaka amapatsirana polumana. Asiye kutsuka, apite naye kwa dokotala wa ziweto.