Fyuzi ikapsa kachiwiri, lekani kuikapo yaikulu

Nyengo ino yokolola, alimi ambiri a ku Angonia ndi ku Tsangano agulitsa mbatatesi, nyemba ndi soya, ndipo ndalama zina zathera pa galimoto. Wina waikitsa magetsi owala kwambiri kutsogolo, wina wailesi ndi masipika pansi pa mpando, wina timagetsi tamitundumitundu pa zitsulo zomangira katundu kumbuyo. Palibe choipa pamenepo. Chimene chikudandaulitsa n'chakuti magalimoto omwewa akumapezeka ataima m'mbali mwa msewu wa ku Ulongwe wopita ku Tete, mawaya atasungunuka, katundu ali pamwamba. Mukafunsa mmene zayambira, nkhani ndi imodzimodzi: fyuzi inapsa, anaikapo ina n'kupsanso nthawi yomweyo, ndiye anaikapo yaikulu. Yaikuluyo itapsanso anapinda kawaya kakopa, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kutsekapo.

Chizolowezi chimenechi n'chakalekale ndipo chatopetsa. Anthu amati fyuziyo inali yofooka, kapena inali yachinyengo. Fyuzi imene yapsa yagwira ntchito yake yonse. Ili ngati pakamwa pamene mumasiya dala pa damu kuti madzi akachuluka asefukirepo khoma lisanagumuke. Chimene imateteza si wailesi yanu kapena babu ayi, koma waya. Opanga galimoto amasankha kukula kwa fyuzi poyang'ana kunenepa kwa waya umene uli kuseri kwake. Pamene pali fyuzi yofiira ya 10A, kutanthauza maampu khumi, pali waya woonda woyenera moto umenewo. Mukachotsa yofiirayo n'kuikapo yobiriwira ya 30A, waya uja sunanenepe, ukadali womwe uja. Ndipo kutentha sikukwera mofanana ndi moto: moto ukachuluka katatu, kutentha kwa m'waya kumachuluka kasanu ndi kanayi. Mukamangapo kawaya kakopa ndiye kulibenso malire, chifukwa batire la galimoto likagunditsidwa ku chitsulo limatha kutulutsa maampu mazanamazana.

Mitundu yake ndi yodziwika kale: yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yoyera 25A, yobiriwira 30A. Nambala yoyenera malo aliwonse inalembedwa pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi. Musatengere imene mwaipezapo, mwina mwini wake woyamba anasintha kale.

Choipa kwambiri n'chakuti waya wotenthawo suyenda wokha. Umamangidwa mtolo umodzi ndi anzake ambiri, atakulungidwa ndi tepi, n'kudutsa kuseri kwa dashibodi, pansi pa kapeti mpaka kumbuyo. Ukatentha umasungunula pulasitiki yake n'kumatirira ku mawaya oyandikana nawo. Ndiye vuto limene linali la magetsi akumbuyo okha limalowa m'maindiketa, m'geji ya mafuta ndi m'magetsi a buleki. Mumaponda buleki, kukuyaka indiketa. Kukonza zimenezi ndi ntchito yomasula mtolo wonse, kusenda tepi, kudula waya uliwonse wopsa n'kulumikiza watsopano, ndipo mmisiri wa magetsi amene amaigwira bwino sapezeka pa msika uliwonse. Nthawi zina zimaoneka ngati zapola, koma pakatha miyezi batire limayamba kutha lokha usiku chifukwa penapake mkati mwa mtolo mawaya awiri akukhudzana. Ena zimawathera poipa zedi, moto n'kugwira kapeti ndi siponji ya mpando. Zonsezi chifukwa chokana kumvera kanthu kamtengo wochepera botolo la chakumwa.

Mlimi wina wa ku Tsangano, amene amanyamula tomato pa pikiapu yake ya Toyota, zinamuchitikira chonchi. Mwana wa mlongo wake anamuikira timagetsi tinayi pa zitsulo zakumbuyo, ndipo moto anautenga posenda waya wa magetsi akumbuyo n'kupotererapo wake. Zinayenda bwino kwa kanthawi. Tsiku lina madzulo atayatsa magetsi, a padashibodi ndi akumbuyo anazima pamodzi. Fyuzi yolembedwa TAIL, ya 10A, inali itapsa. Anaikapo ina, inangoti thwa! atangotembenuza switchi. Anabwereka yachikasu, nayonso inapita. Pamenepo anapota tizingwe ta kopa n'kulowetsa. Sanapite patali, fungo la pulasitiki linadzaza m'kabini, utsi ukutuluka m'mbali mwa mpando. Mwayi wake anazimitsa msanga n'kuzula waya wa batire. Tomato anagona panjira, ndipo m'mawa dzuwa la kumunsi kuja linamaliza ntchito. Pofika kwa mmisiri mawu ake anali akuti, "Amisiri, mafyuzi a masiku ano ngachabe, ndipatseniko yolimba." Mmisiriyo anangomuyankha kuti, "Bambo, fyuzi inakuchenjezani katatu, inu simunamve."

Mmene mmisiriyo anapezera vutolo ndi mmene aliyense angachitire kunyumba. Atachotsa chigawo cha mtolo chimene chinasungunuka n'kulumikiza mawaya atsopano, sanaikepo fyuzi. Anatenga babu lakale la hedilaiti la 55W, n'kulimangirira mawaya awiri, mapeto ake n'kuwalowetsa m'timabowo tiwiri tija timene mumalowa miyendo ya fyuzi. Babu limeneli silingadutsitse moto woposa maampu anayi ndi theka kapena asanu, choncho ngakhale shoti ikhalepo, waya sungapse. Atatembenuza switchi, babulo linawala mwamphamvu ngati lalumikizidwa ku batire lenilenilo. Kuwala kotero kumatanthauza kuti moto ukuthawira ku chitsulo cha galimoto usanafike ku ntchito yake. Pakanakhala popanda shoti, likanangofiira pang'ono, chifukwa likanagawana moto ndi timababu takumbuyo.

Kenaka anapita kumbuyo n'kumasula waya wa mwana uja pamene anaupoterera. Babu linafooka pomwepo, ndipo magetsi akumbuyo anayamba kuoneka mozimiririka. Apa zinadziwika kuti mawaya a galimoto ali bwino, vuto lili mu woonjezerawo. Anaulumikizanso, babu n'kuwalanso, ndiye anayamba kuutsata ndi dzanja, akuugwedeza pang'onopang'ono, mwini galimoto akuyang'ana babu. Atafika pamene wayawo unalowa pa bowo la chitsulo cha bodi, anangoukankha, babu n'kuphethira. Bowolo linabooledwa ndi chitsulo, m'mphepete mwake muli mwakuthwa, popanda kalabala koteteza. Kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi ya ku Tsangano kunachititsa kuti chitsulocho chidye pulasitiki mpaka kopa kuonekera. Chilonda chake chinali chaching'ono ngati njere ya mpunga, chakuda m'mbali, ndipo pa chitsulopo panali kadontho kowauka. N'chifukwa chake kungoyang'ana ndi maso sikuthandiza, makamaka chilonda chikakhala kunsi kwa waya.

Pali chimene muyenera kusamala pa njira imeneyi. Ambiri amatenga babu la buleki la 21W. Limagwira ntchito pa mzere umene zonse zazimitsidwa kapena zazulidwa, monga wa soketi yochajira foni. Koma pa mzere wa mababu ambiri limawala ndithu ngakhale popanda shoti, ndipo mungathe tsiku lonse mukusaka chinthu chimene kulibe. Pamenepo tengani la 55W, kapena zulani kaye mababu onse a pamzerepo. Malole ambiri ndi a 24V, amafuna babu la 24V, la 12V lingopsa. Babu la hedilaiti limatenthanso kwambiri, lipachikeni m'malere, musaligoneke pa mpando. Ena ali ndi mita yoyezera magetsi ndipo amayeza ngati waya ukukhudza chitsulo. N'zotheka, koma chotsani kaye waya wa negetivu pa batire ndi mababu onse, apo ayi mita imalira kudzera m'babu labwinobwino n'kukunamizani.

Musanayambe kusaka, yang'anani fyuzi yopsayo pa dzuwa. Ikakhala yakuda mkati, kachitsulo katamwazika, ndipo inapsa mutangoyatsa, imeneyo ndi shoti. Ikakhala kuti inapirira mphindi zingapo, kachitsulo kangoduka pakati, umenewo kawirikawiri ndi katundu wochuluka pa waya umodzi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mawati gawani ndi 12. Magetsi awiri a 55W ndi 110W, kutanthauza maampu oposa 9. Mukawakoleka pa mzere wa 10A umene ukunyamula kale magetsi ena, fyuzi siingapirire, ndipo mankhwala ake ndi kuwakokera waya wawo, osati kukulitsa fyuzi. Pulasitiki ya fyuzi ikasungunuka cha m'miyendo pomwe kachitsulo ka pakati kali bwinobwino, ndiye kuti timano ta m'bokosi takhwepa kapena tachita dzimbiri.

Fyuzi imene imapsa pokhapokha mukagunda bampu kapena mukadzaza matumba ndiyo yovutitsa, chifukwa galimoto ikaima shoti imabisala. Njira ndi yomweyo ya babu, kungoti mugwedeze mawaya mwamphamvu, wina akwere kumbuyo azidumpha, mutsegule ndi kutseka zitseko, mukankhe mpando kutsogolo ndi kumbuyo.

Za kukonza sindichulukitsa. Yambani ndi chinthu chimene chinaikidwa komaliza, chimasuleni chonse muone ngati fyuzi ikhala. Malo okayikitsa ndi omwe aja: bowo lochokera ku injini kulowa m'kabini, njanji za mpando, polowera chitseko, pafupi ndi ekizozi, ndi paliponse pamene sikuluu inamangidwa pamwamba pa waya. Kuseri kwa wailesi yogula padera, waya wachikasu ndi wofiira ndiwo amanyamula moto, wabuluu nawonso umakhala ndi moto wailesi ikayaka, ndipo umakonda kusiyidwa osakulunga. Fyuzi ya CIG, ya soketi yochajira foni, ikamapsa, suzumirani m'soketi, mumagwera kandalama kachitsulo kapena kansonga ka chaja yothyoka. Mukapeza chilonda dulani chigawocho, musangokulunga tepi, chifukwa kutentha kwa ku Tete kumaimatula. Lumikizani ndi mtovu kapena kolumikizira kofinya, vekani kapaipi, ikani labala pa bowo, mangani wayawo usalendewere. Magetsi akuluakulu atengereni moto ku batire kudzera pa rile, kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi kokhala ndi miyendo ya manambala: mwendo 30 ku batire, 87 ku magetsi, 86 ku switchi, 85 ku chitsulo, ndipo fyuzi yawo ikhale pafupi ndi batire, osapitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Mukamaliza bwezerani fyuzi ya nambala imene inalembedwa pa chivundikiro, muyatse zonse, mudikire mphindi khumi, kenaka mugwire wayawo ndi dzanja. Ukakhala wotentha ndiye kuti ndi woonda, sinthani ndi wonenepa musanakweze katundu.