Sikelo musamayiyambe mimba itaonekera

Kuno ku Angoniya ndi ku Tsangano amayi ambiri amadikira kuti mimba iyambe yakula asanapite ku sikelo. Ena amati mimba yaing'ono saiulula, ndipo mwambowo ndimaumvetsa. Komatu kwa anamwino kokha pitani mwakachetechete miyezi itatu isanathe, chifukwa ulendo woyambawu ndi umene amayeza zinthu zambiri.

Tsikulo amakubayani pachala kuti aone za HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi. Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chindoko. Mayi amatha kukhala nacho osamva kuwawa paliponse, akulima mbatata zake bwinobwino, pamene mwana m'mimba akuwonongeka mpaka kupita padera kapena kubadwa wakufa. Chikapezeka msanga, jakisoni wa penisilini amachithetsa. Bambo akunyumba nawonso abayitse, kupanda apo matendawa abwereranso. Magazi akatsika pansi pa 11 ndiye kuti achepa, ndipo mapiritsi owonjezera magazi aja amafuna miyezi kuti agwire ntchito. Amene wayamba sikelo mwezi wachisanu ndi chitatu nthawi imeneyo saipeza.

Kuyambira sabata ya 13 mumalandira Fansida, wa malungo, pa sikelo pomwepo, kosachepera katatu, motalikirana mwezi. Amene akumwa kale kotirimokisazo, amene ambiri amati Bakitirimu, anene, chifukwa awiriwa saphatikiza.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalangiza mu 2016 kuti mayi azionedwa kasanu ndi katatu. Ulendo uliwonse amayeza kulemera kwanu, kuthamanga kwa magazi, ndi kutalika kwa mimba ndi tepi. Mimba ikakula amamvetseranso mtima wa mwana, ndipo cha pa sabata ya 36 amagwira kuti aone ngati mutu waloza pansi.

Tiyerekeze mayi wa mimba yoyamba. Pa sabata ya 12 namwino walemba pakhadi kuti kuthamanga kwa magazi ndi 110/70. Pa sabata ya 32 makina akuonetsa 150/100, mphete yothina pachala, nkhope yotupa, mutu sukuleka kuwawa. Namwino akayang'ana manambala akalewo aona kuti vutoli labwera ndi mimbayi, ndipo ayeza mkodzo ndi kapepala kaja kosintha mtundu. Kakasonyeza kuti impso zikutaya mapuloteni, ndi matenda amene amatha kugwetsa mayi ngati khunyu. Malire a kuthamanga kwa magazi ndi 140/90. Mayi wotere amapatsidwa mankhwala ndi kutumizidwa kuchipatala chachikulu, ngati cha ku Ulongwe, osabwerera kumunda ayi.

N'chifukwa chake khadi la sikelo musalisiye, ngakhale mukukaona abale ku Dedza. Likulungeni m'kapulasitiki lisanyowe. Ndipo mukaona magazi akutuluka, m'maso mukuchita mdima, kapena mwana wasiya kusuntha, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi, nyamukani tsiku lomwelo.