Makina a ATM Adula Ndalama Koma Sanazitulutse

"Ku Chipata makina adula K1,000 pa akaunti yanga koma sanatulutse kanthu. Nditani?"

Konzani NRC, khadi, risiti ndi uthenga wa pafoni wosonyeza kudulidwako.

1. Musachoke msanga, dikirani pang'ono, chifukwa makina ena amachedwa kutulutsa, ndipo lembani nthawi, tsiku ndi malo.
2. Onani akaunti yanu, popeza nthawi zina ndalama zimabwerera zokha.
3. Zikapanda kubwerera, kadandauleni ku banki imene inakupatsani khadi, ngakhale makinawo akhale a banki ina. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, pothamangira kwa eni makina, amene sasunga akaunti yanu.
4. Lembani fomu ya dandaulo, mutenge nambala yake. Banki imene ndi mwini makinawo idzayerekeza ndalama zotsala m'makina ndi zolembedwa zake.
5. Banki yanu ikakana kapena kuchedwetsa, lemberani Bank of Zambia.