Momwe mungabwerezere matensi a Chingerezi m'sabata imodzi musanalembe mayeso

Ngati ndinu munthu wamkulu amene mumaweruka kuntchito kapena kumsika wa Zomba dzuwa litapendeka, ola limodzi patsiku ndi lomwe mungalipeze. Ndiye tiligwiritse ntchito bwino. Matensi a Chingerezi alipo 12, koma musawagawire nthawi yofanana. Ambiri mumawadziwa kale kudzera m'Chichewa, ndipo malikisi amatayika pamalo ochepa pomwe zilankhulo ziwirizi zimasemphana.

Pezani kope latsopano, mapepala a mayeso akale a MSCE, ndi mneni mmodzi woti muziyenda naye sabata yonse. Ine ndisankha kugulitsa: sell, sold, sold.

Lolemba, yambani ndi za panopa. "Ndimagulitsa tomato" ndi *I sell tomatoes*, pomwe "ndikugulitsa" ndi *I am selling*. Mwaona, -ma- ndi -ku- akukutsogolerani kale. Koma samalani ndi aneni monga kudziwa ndi kufuna. Ife timati "ndikudziwa", Chingerezi chimati *I know*, osati *I am knowing*. Lembani ziganizo khumi za zomwe mnansi wanu amachita tsiku lililonse, kenaka zungulizani -s aliyense wa kumapeto kwa mneni, monga mu *she sells*. Pomwe palibe chozunguliza, mwaphonya.

Lachiwiri ndi la zakale. "Ndinagulitsa" ndi *I sold*, "ndinkagulitsa pamene mvula inayamba" ndi *I was selling when the rain started*. Lowezani aneni 15 osatsata lamulo la -ed, mokweza mawu, ngakhale muli m'minibasi yopita ku Chinamwali. Kumbukirani kuti *did* akabwera, mneni amabwerera mwakale: *I did not sell*, osati *I did not sold*.

Lachitatu ndi Lachinayi musapupulume, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. "Ndagulitsa" ndi *I have sold*, ndipo poyamba zimaoneka ngati -a- wathu amafanana ndi *have* nthawi zonse. Sizili choncho ayi. M'Chichewa mutha kunena kuti "ndafika 7 koloko m'mawa", chifukwa ndi za lero lomwe. Chingerezi sichilola. Mukangotchula nthawi yomwe inadutsa, kaya ola, dzulo kapena chaka, *have* amachoka: *I arrived at seven*.

Tiyese funso ngati la pamayeso: *Mrs Phiri ___ in Matawale since 2015*, mneni ndi *live*. Musathamangire kudzaza. Dzifunseni kaye: kodi mayiwa akadali ku Matawale? Mawu oti *since* akutiuza kuti anayamba kukhalako mu 2015 ndipo alipobe, ndiye yankho ndi *has lived* kapena *has been living*. Tsopano tisinthe pang'ono: *Mrs Phiri ___ to Matawale in 2015*, mneni ndi *move*. Chaka n'chomwecho, koma kusamukako kunachitika n'kutha, ndiye *moved*. Lachitatu lonse lembani ziganizo ziwiriziwiri zotere za moyo wanu, mpaka mapeya khumi. Dziwaninso kuti *since* amatsagana ndi poyambira, pomwe *for* amatsagana ndi kutalika kwa nthawi: *since Monday*, *for three days*.

Lachinayi onjezani *had*. Ameneyu amafunika pamene zinthu ziwiri zinachitika kale, china chisanachitike chinzake. "Nditafika pa depoti, basi inali itanyamuka" ndi *When I reached the depot, the bus had left*. Choyamba kuchitika ndicho chimatenga *had*. Ndaonapo ambiri akumwaza *had* m'chimangirizo chonse poganiza kuti akukometsa Chingerezi. Ngati m'Chichewa simunganene kuti "inali ita-", musamuike.

Lachisanu, za m'tsogolo, n'zopepukirapo: *I will sell*, *I will be selling*, ndi *I will have sold*, kutanthauza "ndidzakhala nditagulitsa". Msampha ndi umodzi. "Akadzafika, tidzadya" ili ndi -dza- kawiri, koma Chingerezi sichiika *will* pambuyo pa *when* kapena *if* m'chiganizo chotere: *When he arrives, we will eat*.

Loweruka lembani pepala lakale, wotchi ili pambali, buku litatsekedwa. Pochonga musangowerenga malikisi. Pambali pa cholakwa chilichonse lembani tsiku lomwe munaphunzira lamulo lake. Mukaona kuti "Lachitatu" walembedwa kasanu, mwadziwa pobwerera.

Lamulungu mukabwera kotchalitchi, bwerezani tsiku lokhalo lomwe lachulukitsa zolakwa, osayamba chatsopano. Kenaka lembani ndime imodzi yofotokoza zomwe munachita dzulo, ndipo ikani chala pa mneni aliyense kuona ngati simunalumphire ku tensi ya panopa pakati pa nkhani. Mukapeza *I go* pomwe pamayenera kukhala *I went*, konzani, mulembenso ndimeyo kamodzi, mukagone msanga.