Foni ikapempha chilolezo m'chilankhulo chomwe simukuchimva

Ambiri amene anachoka kuno ku Zomba kupita ku Oman, ku Mozambique kapena ku Germany amagwiritsa ntchito foni yogula konko kapena yopatsidwa ndi abwana, ndipo imalemba zonse m'chilankhulo cha komweko. Mukangoika apu yatsopano, pasikirini pamatulukira kabokosi kofunsa ngati apuyo ingaone komwe muli, ingatsegule kamera, kapena ingawerenge manambala a anthu anu. Kabokosi kameneka ndi ka foniyo, osati ka apu. N'chifukwa chake WhatsApp ikhoza kukhala m'Chingerezi koma funso n'kubwera m'Chiarabu: limatsata chilankhulo chimene foni yonse inaikidwa.

Musanalimbane ndi mawu, yang'anani kachithunzi. Pa Android, pamwamba pa funsolo pamakhala chizindikiro: kapini ka pamapu ngati nkhani ndi ya malo, kakamera ngati ndi kamera, kamunthu ngati akufuna manambala. Kenako werengani mabatani. Pa Android 11 ndi zatsopano kuposa pamenepo, funso la malo kapena kamera limakhala ndi mabatani atatu osanjikizana. Lapamwamba likulola pokhapokha apu ili yotsegula, lapakati likulola kamodzi kokha, lapansi likukana. Pa iPhone, funso la malo lilinso ndi atatu, koma lolola kamodzi ndi limene lili pamwamba; lokana lili pansibe.

Povuta ndi pamene mabatani ali awiri oyandikana, monga funso la kamera pa iPhone. M'Chingerezi lokana limakhala kumanzere, koma foni ya Chiarabu imatembenuza zonse chifukwa Chiarabu chimawerengedwa kuyambira kumanja. Chala chozolowera kumanja chidzakana pomwe mumafuna kulola. Apa thandizo ndi kutalika kwa mawu. Kulola m'Chipwitikizi ndi Permitir, kukana ndi Não permitir. M'Chijeremani pa Android ndi Zulassen ndi Nicht zulassen. M'Chiarabu ndi السماح ndi عدم السماح. Lokana ndi liwu lomwelo loonjezedwa lina patsogolo.

Tiyerekeze kuti muli ku Muscat, mwaika WhatsApp pa Samsung ya Chiarabu, ndipo mwamantha mwakana mafunso onse. Mudzaona zinthu ziwiri. Mayina onse asowa, mwatsala ndi manambala oyamba ndi +265, moti simukudziwa kuti amayi a ku Matawale ndi ati, alamu a ku Chinamwali ndi ati. Ndipo akakuimbirani pavidiyo, iwo sangakuoneni. Foni sinawonongeke. Pa Android 11 kupita mtsogolo, mukakana kawiri funso lomwelo, silibweranso, ndiye kudikira n'kutaya nthawi. Dinani chithunzi cha WhatsApp osachotsa chala mpaka patuluke ka ⓘ, kadineni, mufufuze Permissions, lomwe m'Chiarabu ndi الأذونات. Mmenemo muli mndandanda wa zimene apu inapempha; sankhani kamera, lolani, kenako manambala chimodzimodzi. Pa iPhone funso limabwera kamodzi kokha, ndipo mukakana muyenera kukakonza mu Settings, pa dzina la apuyo.

Pa zitatuzi, ine ndimati kukana kamera kapena malo si nkhani yaikulu, mumakonza mawa. Manambala ndi ena. Pa Android mulibe "kamodzi kokha" pa manambala, ndi kulola kapena kukana basi, ndipo mukalola, apu ikhoza kukopera buku lonse nthawi yomweyo. Kutseka chilolezo pambuyo pake sikubweza zimene zatengedwa kale. Ma apu ena a katapila amadalira zimenezi: mukachedwa kubweza ngongole, uthenga wokunyozani umafika kwa abusa, kwa apongozi ndi kwa abwana anu. Apu yotumizira ndalama kumudzi imafunadi kamera pojambula pasipoti ndi nkhope yanu, koma nambala ya wolandira mukhoza kuilemba nokha. Apu ya tochi ikafuna manambala, ichotseni.

Pa malo, kuyambira Android 12 funso limabwera ndi timapu tiwiri tozungulira. Kena kali ndi kadontho kosonyeza penipeni pomwe mwaima, kena kamangosonyeza dera la masikweya kilomita pafupifupi 3, ngati kudziwa kuti munthu ali ku Chinamwali osadziwa khomo lake. Apu ya takisi ndi ya mapu zimafuna penipeni; ya zanyengo ikhutire ndi dera.

Ngati foniyo ndi yanuyanu, isintheni chilankhulo kuti mafunso otsatira azibwera m'Chingerezi. Pa Samsung njira yake ndi Settings, General management, Language; pa iPhone ndi Settings, General, Language & Region. Mayinawa nawonso mudzawapeza m'Chiarabu, choncho pemphani mnzanu wa foni yofanana atsegule yake pambali, muzitsata mzere ndi mzere, poyambira pa chithunzi cha giya.