Momwe mungapangire kompositi ndi kudziwa zimene zikuchitika mkati mwa mulu

Kompositi ndi manyowa amene timapeza tikaunjika zotsalira za mbewu, masamba ndi ndowe mwadongosolo, n'kuzisamalira mpaka zitaola n'kusanduka zakuda, zofumbutuka, zonunkhira dothi. Amasiyana ndi dzala la kuseri kwa nyumba kumene timangotayako zilizonse. Amene amaoletsa zinthuzo ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi nkhungu, ndipo muziganiza za ito ngati ziweto zanu: timafuna chakudya, madzi ndi mpweya. Mulu ukakanika, chimodzi mwa zitatuzi chasowa kapena chachulukitsa.

Kuno ku Zomba nthawi yabwino yoyamba ndi tikangokolola, mu Meyi kapena Juni, mapesi asanatenthedwe ndiponso masamba obiriwira asanathe. Tiyeni titenge mulu umodzi wa kuseri kwa nyumba, wa mita 1.5 m'litali, mita 1.5 m'lifupi ndi mita 1.2 kupita m'mwamba. Mulu wochepera mita imodzi mbali zonse umataya kutentha msanga, makamaka m'masiku a chiperoni, pomwe waukulu kwambiri umakanika kulowa mpweya pakati.

Choyamba: sonkhanitsani zouma ndi zobiriwira

Zouma ndi mapesi a chimanga, udzu wouma ndi mapesi a mpunga, amene sasowa kwa amene muli kufupi ndi Domasi kapena nyanja ya Chilwa. Izi zili ndi kaboni wambiri, amene amapatsa tizamoyo mphamvu. Zobiriwira ndi masamba a nandolo, a gliricidia, deliya wa m'mbali mwa msewu, masangwi a mtedza, zotsalira za masamba ndi makoko a nthochi. Izi, pamodzi ndi ndowe ndi zitosi za nkhuku, zimabweretsa nayitirojeni amene tizamoyo timamangira matupi athu kuti tiswane. Pongoyerekeza ndi maso, ikani magawo awiri a zouma pa gawo limodzi la zobiriwira.

Dulani mapesi ndi chikwanje, zidutswa zosaposa chikhatho kutalika. Ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa ndi yotopetsa, koma phesi lathunthu lili ndi khungu lolimba ndipo mudzalipeza lili chomwecho patatha miyezi itatu. Musaikemo mapulasitiki, mabatire, nyama, mafuta, chimbudzi cha galu, kapinga, dawe kapena kaufiti amene wabereka kale njere.

Chachiwiri: mangani mulu m'magawo

Sankhani pamthunzi, pamalo posadikha madzi, ndipo gaulani pansi ndi khasu. Yalani timitengo kapena mapesi osadula kuti mpweya uzilowera pansi. Kenako ikani zouma zokhuthala masentimita 20, zobiriwira masentimita 10, ndowe masentimita 5, n'kuwaza dothi lapamwamba pang'ono. Thirani madzi pa gawo lililonse, osadikira kuti mudzathire pamwamba pomaliza, chifukwa mapesi ouma amangotsetsereza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike pachifuwa. Phulusa likhale lowaza chabe. Likachuluka n'kukumana ndi ndowe limathamangitsa nayitirojeni kupita mumpweya.

Kuti mudziwe ngati madzi akwana, tapani chamkati ndi dzanja n'kufinya. Chinyontho chizioneka pakati pa zala, mwina dontho limodzi kapena awiri. Madzi akamachucha mwaonjeza, ndipo zikangomwazika mukatambasula dzanja ndiye kuti zauma. Mukatero vundikirani ndi udzu kapena masamba a nthochi, n'kuzika ndodo yosongoka yaitali mopendekera mpaka pakati pa mulu. Ndodo imeneyi ndiyo izikuuzani zonse.

Chachitatu: werengani ndodo

M'masiku awiri kapena atatu oyamba mabakiteriya amathamangira zofewa, shuga ndi madzi a m'masamba obiriwira. Akamadya amapuma mpweya, n'kutulutsa mpweya wa kaboni, nthunzi ndi kutentha. Kutentha kumeneku sikuchokera ku dzuwa ayi, n'chifukwa chake m'mawa wozizira wa Julayi mumaona mulu ukufuka nthunzi uli pamthunzi. Kukamakwera, tizamoyo toyamba tija timafa kapena kugona, ndipo timalowa m'malo ndi tina tokonda kutentha. Pakati pa mulu wabwino pamafika madigiri 55 mpaka 65, ndipo apa ndi pamene njere zambiri za udzu ndi tizilombo tambiri ta matenda timafa. Mukazula ndodo, nsonga yake ikhale yotentha moti simungaigwire nthawi yaitali, komanso yonyowa.

Ndodo ikatuluka yozizira ndi youma, nyerere zikuyendayenda pamulu, vuto ndi madzi. Ikatuluka yonyowa koma yozizira, popanda fungo lililonse, zouma zachuluka ndipo tizamoyo tikusowa nayitirojeni. Phwasulani muonjezere zitosi kapena deliya. Ikatuluka yoterera, yakuda, yonunkha ngati dzira lovunda, madzi atseka mipata ya mpweya ndipo ntchito yalandidwa ndi mabakiteriya okhala popanda mpweya, amene amaoletsa pang'onopang'ono osatenthetsa. Mankhwala ake ndi kutembenuza ndi kusakanizamo mapesi ouma. Fungo loboola mphuno longa la mkodzo likutanthauza kuti zitosi kapena zobiriwira zachuluka, ndipo chimene mukununkhizacho ndi nayitirojeni wanu akuuluka. Onjezerani zouma ndi dothi pang'ono.

Pali chizindikiro china chimene chimapusitsa anthu. Mukatsegula pakati n'kupeza zotuwa ngati phulusa, zouma ndi zopepuka, musaganize kuti manyowa akhwima. Mulu unatentha mpaka madzi kutha, ntchito n'kuimira panjira. Izi zimachitika kawirikawiri mu Okutobala. Nyowetsani bwino pamene mukutembenuza.

Chachinayi: tembenuzani

Pakatha masabata awiri kapena atatu ndodo imayamba kuzizira ndipo mulu umakhala utatsika. Zofewa zapakati zatha, mpweya wachepa, koma zam'mbali sizinakhudzidwe. Samutsirani mulu wonse pambali, zakunja zipite mkati, zamkati zibwere kunja, mukuwaza madzi pamene pauma. Mawa lake kapena mkuja mulu utenthanso. Bwerezani pakatha masabata ena awiri kapena atatu. Kutentha kwa ulendo uliwonse kumachepa poyerekeza ndi kwa m'mbuyo, ndipo zimenezi n'zoyenera.

Chachisanu: dikirani kuti akhwime

Mulu ukasiya kutentha ngakhale mutautembenuza, nkhungu zimapitiriza ndi zolimba, ulusi wa mapesi ndi timitengo. Mudzaona timizere toyera tikuyanga pa zidutswa. Nyongolotsi ndi mabongololo, zimene sizikanapirira kutentha kuja, tsopano zimakwera kuchokera pansi n'kumapera zotsala. Gawo limeneli limatenga mwezi kapena kuposerapo, ndipo ine ndimati ndi pamene anthu ambiri amaonongera, chifukwa mvula ikayandikira mtima umathamanga. Manyowa osakhwima mukawakwirira pa phando, tizamoyo timapitiriza kudya mapesi aja pogwiritsa ntchito nayitirojeni wa m'nthaka, chimanga n'kumera chachikasu.

Mulu womangidwa mu Juni n'kusamalidwa chonchi umakhala wokonzeka cha mu Seputembala, utatsika pafupifupi theka. Kuti mutsimikize, dzazani kachitini koboola pansi ndi manyowawo, dzalani nyemba 10, ndipo m'kachitini kena dzalani 10 zina m'dothi wamba. Zikamera mofanana ndi masamba obiriwira, manyowa apsa. Zikamera zochepa kapena zopinimbira, dikirani masabata ena awiri. Akapsa asungeni ovundikira pamthunzi kuti dzuwa ndi mvula yoyamba zisawasukulutse, ndipo pokonza mapando thirani manja awiri odzaza pa phando lililonse n'kusakaniza ndi dothi musanadzale.